Chiletso cha khoti choteteza ku nkhanza za m'banja: angapemphe ndani, ndipo chimanena zotani?

Mwina mumamudziwa mayi wina wa mu mphakati wanu amene amabwera ku msonkhano atamanga duku mpaka pa diso. Ankhoswa akhalapo pa nkhani yake katatu, bambo amapepesa, koma pakatha mwezi zimayambiranso. Mukamuuza za kupolisi amayankha kuti, "Akamangidwa, ana adya chiyani? Ndipo ine ukwati sindikufuna kuthetsa." Amayi ambiri amaona ngati njira ndi ziwiri zokha, kupirira kapena kumangitsa mwamuna. Koma ilipo njira yachitatu imene malamulo a dziko lino anaika.

M'chaka cha 2006 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja. Lamuloli limapatsa khoti mphamvu yotulutsa chiletso choteteza munthu amene akuchitiridwa nkhanza. Chiletsochi ndi chikalata chimene chimauza wochita nkhanza zimene asiye ndi zimene achite. Sichithetsa ukwati, ndipo pachokha sichitumiza munthu kundende. Mlandu umabwera pamene iye waphwanya zimene khoti lalamula.

Nkhanza zimene lamulo limazindikira si kumenya kokha. Limawerenganso nkhanza zokhudza kugonana, kuopseza ndi kunyoza kosalekeza, komanso nkhanza za chuma, monga kulanda ndalama za mkazi kapena kumana dala banja zofunika pa moyo. Simuyenera kudikira kuti magazi atuluke, chifukwa khoti lingathe kuteteza munthu ngakhale pamene nkhanza zikungoopsezedwa ndipo zikuoneka kuti zichitikadi.

Angapemphe ndani?

Woyamba ndi mwini wake wovutikayo, mkazi kapena mwamuna wa pabanja, pakuti lamuloli limateteza onse awiri. Mayi amene anabereka mwana ndi bamboyo angapemphenso ngakhale sanakwatirane. Ngati wozunzidwa ndi mwana, kholo lake, womulera kapena munthu amene mwanayo amakhala naye angamupemphere. Munthu wodalira banjalo, monga gogo wosungidwa pakhomo, nayenso ali ndi khomo lolowera.

Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti kholo kapena m'bale wa mkaziyo, ngakhalenso wa mwamunayo, angathe kupita kukhoti m'malo mwa wovutikayo. Choncho mayi wobereka amene akuona mwana wake akutha ndi mantha, kapena mlamu amene watopa ndi khalidwe la mchimwene wake, sayenera kungoyang'ana. Wapolisi angapemphenso, chimodzimodzi ogwira ntchito za boma osankhidwa kuona za lamuloli, ndi mabungwe amene nduna inawavomereza.

Nanga inu, mnzake wa m'bungwe la amayi? Ngati si inu m'bale wake, ntchito yanu ndi kumuperekeza, kudziwitsa abale ake, kapena kukanena ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza imene imapezeka kupolisi. Mungathenso kuima ngati mboni pa zimene munaona ndi maso anu.

Tiyerekeze nkhani imodzi

Tiyerekeze mayi wa ana atatu amene amasoka zovala pakhonde la sitolo. Amakhala m'nyumba ya lendi imene mwamuna wake ndiye analembetsa kwa eni ake. Loweruka usiku bamboyo wamumenya mpaka kumugulula dzino, wamuloza ndi chikwanje, watenga makina osokera n'kukawasiya kwa mnzake, ndipo wamuuza kuti akalankhula amuthamangitsa m'nyumba.

Choyamba mayiyu apite kupolisi ndi kuchipatala, kuti mabala ake alembedwe asanapole. Asunge lipoti la kuchipatala, malisiti a mankhwala ndi mauthenga oopseza a pafoni. Kenaka apite kukhoti la majisitireti, kumene kalaliki angamuonetse mmene pempho limalembedwera. Pofotokoza atchule masiku, malo ndi zimene zinachitika. Mawu akuti "amandizunza" okha ndi ofooka. Olimba ndi akuti, "Loweruka usiku anandimenya ndi chibakera pakamwa, ana akuona, ndipo aneba anabwera kudzaleretsa."

Ngati moyo uli pa chiswe, khoti lingatulutse chiletso chongoyembekezera bamboyo asanamvedwe mbali yake. Chimenechi ndi cha nthawi yochepa. Pambuyo pake onse awiri amaitanidwa, bamboyo amayankha, ndipo majisitireti amaona ngati chiletso chipitirire. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: akaona kuti kunyumba kwazizira sabwereranso pa tsiku limene khoti linaika, ndipo chitetezo chija chimatha osadziwa.

Chiletso chingakhale ndi zotani?

Mbali yoyamba ndi ya zoletsa. Khoti lingaletse bamboyo kuchitanso nkhanza, kulowa pakhomo pamene mayiyo akukhala, kufika pakhonde pamene amasokera kapena kusukulu kwa ana, kumutsatira m'njira, kumuimbira foni mosalekeza, kumutukwana, ndi kuononga kapena kugulitsa katundu wake.

Mbali yachiwiri ndi ya zimene ayenera kuchita, ndipo ndi imene imayankha funso lija lakuti ana adya chiyani. Khoti lingamulamule kubweza makina osokera. Lingamulamule kubweza ndalama zimene mayiyo wataya chifukwa cha nkhanzazo, monga za kuchipatala ndi za masiku amene sanasoke. Lingamulamule kupereka ndalama yothandizira mayiyo ndi ana pakadali pano, kupitiriza kulipira lendi, ndi kupereka kupolisi chida chimene anaopsezera nacho. Lingathenso kumutumiza ku uphungu, kapena kumutulutsa m'nyumba kwa nthawi imene laika.

Pa nkhani ya nyumba lamuloli lili ndi zikalata zina ziwiri. China chimapatsa wovutikayo ufulu wokhala m'nyumba ya banja pamene wochita nkhanza watuluka. Chinacho ndi cha nyumba ya lendi, ndipo chimaika mgwirizano wa lendi m'manja mwa wovutikayo. Mayi wathu wosoka uja ayenera kufunsa za chimenechi, chifukwa dzina lodziwika kwa eni nyumba ndi la mwamuna wake.

Majisitireti sangalote zimene zikukuvutani. Musanapite kukhoti, khalani pansi ndi munthu womukhulupirira mulembe zimene mukufuna: malo amene asafikeko, katundu amene abweze, ndalama zimene mwataya ndi umboni wake, ndi zimene ana amafuna pa mwezi. Chimene simunatchule chingathe kusowa m'chikalata.

Chiletso chikatuluka

Pepala silitseka chitseko. Onetsetsani kuti bamboyo wapatsidwa chikalatacho kudzera kukhoti kapena kupolisi, ndipo musapite nacho nokha. Sungani chanu pamalo abwino, china musiye kwa m'bale. Dziwitsani amfumu, aneba ndi aphunzitsi a ana kuti chiletso chilipo. Masiku oyamba ndi ofunika kusamala kwambiri, chifukwa wochita nkhanza akaona kuti mphamvu zake zikuchoka amatha kulusa koposa.

Akaphwanya chiletsocho, ngakhale pa chinthu chooneka chaching'ono monga kudzaima pafupi ndi pakhonde paja, kaneneni kupolisi tsiku lomwelo mutatenga chikalata chanu. Kuphwanya chiletso ndi mlandu. Ndipo ngati zinthu zasinthadi ndipo mukufuna kubwererana, musangogwirizana pakhomo ndi ankhoswa. Bwererani kukhoti lomwelo mukapemphe kuti lisinthe kapena lichotse chiletsocho, pakuti ndi khoti lokha limene lingamasule zimene linamanga.

Pa msonkhano wanu wotsatira, funsanani kuti khoti la majisitireti lapafupi lili kuti, ndipo ndani mwa inu angaperekeze mnzake kumeneko Lolemba m'mawa.