Kompyuta ikamaombeza mtundu wa munthu poyang'ana dzina

Mu Disembala 2013, boma la America linalamula kampani yobwereketsa ndalama ya Ally Financial kuti ibweze madola 80 miliyoni kwa anthu pafupifupi 235,000 omwe anagula galimoto pangongole. Mlandu unali wakuti anthu akuda, a Chihisipaniki ndi ochokera ku Asia ankalipitsidwa chiwongoladzanja chokwera kuposa azungu. Koma panali povuta: mafomu a ngongolezo sankafunsa mtundu wa munthu. Nanga oyenera chipepesowo akanadziwika bwanji?

Bungwe loteteza ogula la CFPB linagwiritsa ntchito njira yotchedwa BISG, yomwe inakonzedwa ndi akatswiri a ku RAND. Njirayi imayamba ndi dzina la bambo, n'kuona m'kaundula wa kalembera kuti mwa anthu a dzina limenelo, akuda ndi angati, azungu ndi angati. Kenako imaona mitundu ya anthu okhala m'dera la munthuyo, n'kuphatikiza ziwirizo.

Pa mayina ena zimayenda bwino. Mwa anthu 10 aliwonse otchedwa Washington, pafupifupi 9 ndi akuda. Koma a Williams agawanika pafupifupi pakati, akuda ndi azungu, chifukwa akuda ambiri ali ndi mayina ochokera m'nthawi ya ukapolo. Zikatero kompyuta imatsamira pa dera, moti wakuda wokhala pakati pa azungu imamuyesa mzungu.

Tiyerekeze kuti pali anthu 100, ndipo kwa aliyense kompyuta yati mwayi woti ndi wakuda ndi 70 pa 100. Wofuna chiwerengero cha gulu akanena kuti akuda alipo 70, saphonya kwenikweni. Koma wotumiza macheke ayenera kusankha. Akatumizira onse, anthu 30 alandira zosawayenera. Akafuna okhawo otsimikizika, akuda 70 aja atsala manja ali m'khosi. Pa mlandu wa Ally, makalata ena a chipepeso anafikadi kwa azungu.

Mapulogalamu oombeza ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi nawonso amapunthwa. Andrea ndi mwamuna ku Italy, koma ku Germany ndi mkazi. Mayina a Chitchaina akalembedwa m'zilembo ngati zathuzi, zizindikiro zosiyanitsa zimatayika. Kwathu kuno, Chisomo, Mphatso ndi Chikondi ndi mayina a anyamata ndi atsikana omwe, ndipo a Banda amapezeka mwa Achewa ndi mwa Atonga.

Choopsa n'chakuti zolakwazi sizigwera onse mofanana, ndipo pulogalamu yoti "imalondola 95 pa 100" ikhoza kumaphonya kwambiri pa gulu limodzi. Njira yodziwira ndi kutenga anthu omwe anadzinenera okha, n'kuwerenga zolakwa za gulu lililonse palokha. Ngati yankho likukhudza ndalama, ntchito kapena chithandizo cha munthu, afunsidwe mwini wake.