Malita khumi a mkaka, kilogalamu imodzi ya tchizi

Nthawi zonse tikaphunzitsa kupanga tchizi, pamakhala wophunzira amene amaima m'mbali mwa ndowa atagwira tsaya. Waona malita khumi a mkaka akulowa mu mphika m'mawa, ndipo madzulo akuona kambulu kolemera kilogalamu imodzi yokha. Funso lake limakhala loti, "Kodi mkaka wonse uja wapita kuti?" Funso limeneli ndi la nzeru, chifukwa yankho lake ndilo limauza mlimi mtengo woyenera kugulitsira zimene wapanga, ndiponso limauza kholo chimene lingapatse mwana kuti akule bwino.

Tiyambe ndi mkaka monga momwe umatulukira ku bere la ng'ombe. Pa magalamu 100 alionse, magalamu pafupifupi 87 ndi madzi. Otsalawo ndi mafuta, shuga wa mu mkaka, michere, ndi chakudya chomanga thupi chimene timachitcha puloteni. Puloteniyo amakhala magalamu atatu ndi pang'ono, mwina 3.3. Motero kapu ya mamililita 250 imapatsa munthu magalamu 8, ndipo ndowa yathu ya malita khumi ili ndi magalamu pafupifupi 330. Nambala imeneyi tiisunge pamtima, popeza palibe chimene tingachite m'khitchini chimene chingaichulukitse. Kusasitsa, kusefa ndi kufinya sikulenga puloteni watsopano. Kumangochotsa madzi, kapena kuwasiya pomwepo.

Tikatenga ndowa ija n'kuisandutsa yogati, timatenthetsa mkaka kufika madigiri 85, n'kuuziziritsa kufika pafupifupi 43, kenaka n'kuthiramo yogati pang'ono wa dzulo. Tizilombo tabwino timadya shuga wa mu mkaka ndi kutulutsa asidi, ndipo asidiyo amachititsa kuti puloteni agwirane. Mkaka umalimba, supuni n'kumaima, ndipo maso amatinyenga kuti chakudya chachuluka. Koma madzi onse akadali momwemo, angokodwa pakati pa puloteni wogwiranayo. Malita khumi akadali khumi, magalamu 330 akadali 330, ndipo kapu ya yogati wamba ili ndi magalamu 8 kapena 9, osasiyana kwenikweni ndi kapu ya mkaka. Chimodzimodzi mabisi, amene ena amati chambiko: ngati sitinatsanule madzi ake, kusasa kwasintha kakomedwe, koma puloteni ndi yemwe uja.

Zinthu zimasintha tikathira yogati mu nsalu yoyera n'kuipachika pamalo ozizira. Madzi achikasu amadontha pang'onopang'ono, ndipo puloteni wambiri amatsala mu nsalu. Tikadikira mpaka mutatsala makilogalamu atatu okha, magalamu 100 alionse a yogati wolimbayo amakhala ndi puloteni wokwana magalamu 9 kapena kuposerapo pang'ono. Theka la kapu tsopano likuposa kapu yathunthu ya mkaka. Palibe chimene tawonjezera, tangochotsa malita asanu ndi awiri a madzi.

Tchizi amapitiriza ntchito yomweyo mpaka kumapeto, ndipo apa mpofunika kudziwa kuti mu mkaka muli mitundu iwiri ya puloteni. Magawo anayi mwa asanu ndi mtundu wotchedwa kesini, umene umaundana tikathiramo reneti, mankhwala amene kuyambira kale ankatengedwa m'chifu cha mwana wa ng'ombe woyamwa. Gawo lachisanu siliundana ndi reneti, limangoyenda ndi madzi. Tikadula mkaka woundanawo n'kuufinya, kesini ndi mafuta zimatsala, pamene shuga wambiri ndi puloteni wa mtundu wachiwiri uja zimatuluka. Ndiye chifukwa chake kilogalamu imodzi ya tchizi wolimba imakhala ndi magalamu pafupifupi 250 a puloteni, ndipo magalamu 80 otsalawo ali m'malita asanu ndi anayi a madzi amene ali mu ndowa. Kachidutswa ka magalamu 30, kofanana kukula ndi bokosi la machesi, kali ndi magalamu 7 kapena 8, monga kapu ya mkaka. Tchizi wofewa, amene sanafinyidwe kwambiri, amakhala ndi theka la muyeso umenewu kapena kucheperapo, popeza madzi akadali ambiri m'kati mwake.

Komabe tisaganize kuti chilichonse cholimba chochokera ku mkaka chili ndi puloteni wambiri. Chofunika ndi kufunsa kuti chachotsedwa n'chiyani, ndipo chasungidwa n'chiyani. Tikaengula mafuta a pamwamba pa mkaka n'kuwapukusa, timapeza batala. Batalayo ndi wolimba ndiponso wokwera mtengo, koma puloteni wake safika ngakhale galamu imodzi pa magalamu 100, chifukwa chimene tasonkhanitsa ndi mafuta, ndipo puloteni watsala mu mkaka woengulidwa uja. Mkaka wa m'chitini wotsekemera nawonso wachotsedwa madzi, ndipo uli ndi puloteni pafupifupi magalamu 8 pa 100, koma kuposa theka la kulemera kwake ndi shuga. Supuni imodzi ya mu tiyi imayeretsa tiyiyo osamupatsa chakudya chenicheni.

Kuwerengera kumeneku kumathandiza mlimi pa malonda. Tiyerekeze kuti lita imodzi ya mkaka mukuigulitsa K10. Ndiye kuti kilogalamu ya tchizi yadya kale K100, musanawerengere nkhuni, mchere, reneti ndi masabata amene tchiziyo adzakhale pa thandala akukhwima. Mukamugulitsa K90 chifukwa choopa kuti ogula adandaula, mwagwira ntchito yochuluka kuti muluze. Ubwino weniweni wa tchizi uli poti amasungika ndi kunyamulika, makamaka m'nyengo ya dzinja, pamene msipu wachuluka, mkaka wasefukira, koma msewu wopita kumalo osonkhanitsira mkaka wadzaza matope.

Sikelo imathanso kutiuza pamene china chalakwika. Ngati malita khumi akupereka tchizi wochepa kwambiri pa kilogalamu, tiyambe tafufuza mkaka. Mkaka wothiridwa madzi uli ndi puloteni wochepa pa lita, ndipo lakitomita imauulula, chifukwa mkaka wabwino umawerenga pakati pa 1.028 ndi 1.032. Mkaka wa ng'ombe yodwala matenda otupitsa bere umakhala ndi kesini wochepa, ndipo umaundana mofooka. Tiyang'anenso madzi odonthawo. Akakhala achikasu chobiriwira pang'ono ndi oonekera bwino, ntchito yayenda bwino. Akakhala oyera ngati mkaka, ndiye kuti tinadula msanga kapena tinatakasa mwamphamvu, ndipo puloteni ndi mafuta zikuthawira mu ndowa.

Madzi amenewa sitiwataya. Magalamu 80 aja ndi puloteni wa makapu khumi a mkaka, ndipo ndi wa mtundu wabwino ndithu. Akadali atsopano, ngati anachokera ku mkaka umene unatenthetsedwa bwino, akhoza kuphikira phala kapena kukandira ufa wa buledi, ndipo nkhumba zimawamwa mokondwa. Tingokumbukira kuti ndi osungunuka kwambiri, kotero kapu yake siingalowe m'malo mwa kapu ya mkaka kwa mwana.

Kwa banja lokhala ndi ng'ombe imodzi, kuwerengeraku kumathera pa chinthu chapafupi. Mwana amene wamwa kapu ya mkaka wowiritsa, kapena wadya kapu ya mabisi ndi nsima, walandira puloteni wofanana ndi wa mnzake wa m'tauni amene wadya kachidutswa ka tchizi wa m'sitolo. Choncho madzulo, musanatsanulire mkaka wonse m'chigubu chopita kumsika, yambani mwapatula makapu a ana.