Akaunti Yathu Sinasinthe: Kalata Yoyenera Kufika Wakuba Asanafike

Aliyense amene ali ndi foni kuno kwathu anaulandirapo uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ina ija yavuta. Ambiri timaufufuta nthawi yomweyo chifukwa palibe ndalama imene tikuyenera kutumizira munthu. Koma wotumizayo amadziwa kuti pa anthu ambirimbiri amene alandira, pali mmodzi amene m'mawa womwewo analonjezadi kutumiza ndalama kwa mlamu wake kapena kwa mwini nyumba. Chinyengo chomwechi chinalowa m'maofesi, chinavala taye, ndipo chimabwera pa imelo. Kusiyana kwake n'kwakuti wakuba wa pa imelo sachita zongolota. Amadziwa amene akulipira, amene akulipidwa, kuchuluka kwa ndalama ndi tsiku lolipira.

Mu 2019 mayi wina wa ku Johannesburg ankagula nyumba ya marandi 6 miliyoni. Chikole cha marandi 500,000 anapereka kwa kampani yogulitsa nyumbayo, ndipo asanalipire anaimba foni kutsimikiza nambala ya akaunti, chifukwa kampaniyo inali itamuchenjeza za akathyali a pa intaneti. Ndalama zotsala, marandi 5.5 miliyoni, zinkayenera kupita ku kampani ya maloya ya Edward Nathan Sonnenbergs, yodziwika ndi dzina lakuti ENS, imene inkayendetsa mapepala osinthira umwini wa nyumba m'malo mwa wogulitsa. Maloyawo anatumiza nambala ya akaunti yawo pa imelo. Chimene onse sankadziwa n'chakuti imelo ya mayiyo inali italowedwa kale ndi akuba. Iwo anaugwira uthengawo panjira, anasintha nambala ya akaunti pa chikalata, n'kuutumiza ngati kuti wachokera kwa maloya. Tayang'anani mayina awiri awa:

```
ensafrica.com
ensafirca.com
```

Loyambalo ndi lenileni. Lachiwirilo zilembo ziwiri zangosinthana malo, ndipo diso la munthu amene ali pa changu cholipira nyumba silingaone kanthu. Mayiyo analipira. Pamene zinkadziwika kuti ndalama sizinafike kwa maloya, zinali zitachotsedwa kale mu akaunti ya akubawo.

Nkhani inapita kukhoti. Mu Januwale 2023 Khoti Lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti maloyawo abweze ndalamazo, ponena kuti iwo ankalidziwa bwino vutoli ndipo anayenera kumuchenjeza mayiyo. Mu Juni 2024 khoti la apilo la dzikolo linasintha chigamulocho. Linati mayiyo sanali kasitomala wa maloyawo, anali atachenjezedwa kale ndi ena, ndipo akanatha kuimba foni monga anachitira polipira chikole. Zigamulo ziwirizi n'zotsutsana, komabe zonse zikuzungulira pa mafunso awiri omwewo: kodi chenjezo linaperekedwa, nanga foni inaimbidwa? Malamulo a ku South Africa si athu, koma njira ya wakubayo ndi imodzimodzi kulikonse kumene invoisi imayenda pa imelo, kaya ndi ya wogulitsa simenti ku Kanengo, ya sukulu yotolera fizi kapena ya kampani yoombola katundu pa chipata cha Mwanza. Ku Amerika, bungwe la FBI linalandira madandaulo a chinyengo cha mtundu umenewu a ndalama zokwana madola pafupifupi 2.9 biliyoni mu 2023 mokha.

Kuti chenjezo likhale ndi mano, wolemba ayenera kudziwa mmene wakubayo amagwirira ntchito. Kawirikawiri amayamba ndi kuba pasiwedi ya imelo, ya wogwira ntchito pakampani kapena ya kasitomala. Akalowa saononga kanthu. Amakhala chete masabata angapo, akuwerenga, kuphunzira mmene abwana amapatsira moni, tsiku limene mainvoisi amatuluka, ndi kasitomala amene ali ndi ngongole yaikulu. Nthawi zambiri amaika lamulo m'bokosi la imelo lakuti uthenga uliwonse wokhala ndi mawu onena za malipiro uzipita m'foda yobisika, mwini wake asauone. Tsiku lolipira likayandikira, m'pamene amalemba: tasintha banki, akaunti yakale ili m'manja mwa owerengera ndalama, chonde gwiritsani ntchito iyi, ndipo mulipire lero. Chizindikiro cha kampani chili pomwepo, dzina la wosayina ndi lomwelo, ndipo m'munsi muli makalata onse enieni amene munalemberana m'mbuyomu.

Apa m'pamene machenjezo ambiri amaphonya. Ndaonapo makalata ouza makasitomala kuti azisamala ndi uthenga wa Chingerezi chothyoka kapena wochokera ku adiresi yachilendo. Malangizo amenewa amamupatsa munthu chidaliro chabodza. Ngati wakuba ali m'kati mwa bokosi lenileni la kampani, uthenga wake uchokera ku adiresi yeniyeni, ndipo ziganizo zake wazikopera kwa akauntanti wanu yemwe. Kasitomala adzafufuza zonse zimene munamuuza, adzapeza kuti zili bwino, n'kulipira ndi mtima wodekha. Chenjezo labwino limamupatsa lamulo limodzi limene limagwira ntchito ngakhale uthengawo uoneke woyera bwanji. Likhoza kulembedwa motere:

"Okondedwa makasitomala athu, tikukudziwitsani kuti pali anthu amene akutumiza mauthenga abodza onena kuti makampani asintha akaunti ya kubanki. Ife sitinasinthe akaunti yathu, ndipo sitidzakudziwitsani za kusintha kotere pa imelo, pa uthenga wa pafoni kapena pa WhatsApp. Mukalandira uthenga wotere, ngakhale uoneke kuti wachokera kwa ife ndipo uli ndi dzina la munthu amene mumamudziwa, musalipire ndipo musauyankhe. Tiimbireni pa nambala imene ili pa mgwirizano umene tinasayinirana, osati pa nambala yolembedwa mu uthengawo. Ngati mwalipira kale, imbirani banki yanu nthawi yomweyo, kenako mutiimbire ife."

Ndi kalata yaifupi, ndipo zimene mulibemo n'zofunika mofanana ndi zimene zilimo. Mulibe nambala ya akaunti. Ambiri amafuna kuilemba kuti akumbutse makasitomala yolondola, koma akatero amawaphunzitsa chizolowezi chimene akufuna kuthetsa, chokhulupirira nambala yobwera pa imelo. Komanso wakuba akhoza kuitenga kalata yomweyo, kusintha manambala, n'kuitumizanso ngati chenjezo lachiwiri. Mulibenso linki yoti munthu adine kapena chikalata choti atsegule. Ena amaganiza kuti chikalata cha PDF sichisinthika, koma chimasinthika mosavuta, ndipo ndi mmene mayi wa ku Johannesburg uja anaberedwera.

Mawu akuti musauyankhe ali ndi chifukwa chake. Imelo ili ndi malo awiri osiyana, `From` amene amaonetsa kumene uthenga wachokera, ndi `Reply-To` amene amanena kumene yankho lipite. Wakuba amatha kuika dzina la kampani pamalo oyambawo ndi adiresi yake pa achiwiriwo. Kasitomala wosamala amene walemba kufunsa ngati n'zoona kuti akaunti yasintha amakhala akufunsa wakubayo, ndipo yankho limabwera mwaulemu kuti inde bwana, n'zoona. Nambala ya foni ya m'munsi mwa uthengawo nayonso amaisintha. N'chifukwa chake kalata ija ikuloza nambala imene kasitomala anali nayo kale papepala, ndipo akaimba, ndi bwino kuti wa kukampaniyo ndiye awerenge nambala ya akaunti, kasitomala n'kumayerekeza ndi imene ali nayo.

Katumizidwe kake nakonso kali ndi misampha. Maadiresi a makasitomala aziikidwa pa `Bcc`, osati pa `To` kapena `Cc`. Kupanda kutero aliyense amaona mndandanda wonse, ndipo ngati bokosi la mmodzi mwa iwo lili ndi mlendo wosaitanidwa, mwamupatsa mayina a anthu onse amene amakulipirani. Musanatumize, yambani mwasesa m'nyumba mwanu: sinthani mapasiwedi, yatsani njira ija yofuna nambala yachiwiri ya pafoni polowa mu imelo, ndipo pemphani wodziwa makompyuta ayang'ane ngati m'mabokosi mulibe malamulo otumiza makalata kwina amene palibe akuwakumbukira. Makampani okhala ndi dzina lawolawo la pa intaneti angathenso kukhazikitsa SPF, DKIM ndi DMARC, njira zimene zimathandiza makompyuta olandira makalata kukana uthenga wonamizira dzina lanu lenileni. Malire ake ndi akuti sizigwira dzina longofanana ndi lanu, ngati lija la zilembo ziwiri zosinthana, ndiponso sizigwira wakuba amene walowa ndi pasiwedi yeniyeni.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti chenjezo lotumizidwa pa imelo limadutsa pa msewu womwe wakubayo wakhalapo. Ngati ali m'bokosi la kasitomala, adzaliwerenga poyamba ndi kulifufuta. Choncho imelo yokha siyokwanira. Lamulo lija lizinenedwa pakamwa tsiku losayina mgwirizano, lizilembedwa pa mgwirizanowo pamodzi ndi nambala ya akaunti, ndipo makasitomala akuluakulu aziimbiridwa foni. Nthawi yake ndi pachiyambi pa ubale ndiponso pamene malipiro aakulu akuyandikira. Kachiganizo kang'ono ka m'munsi mwa imelo iliyonse kamathandiza, koma pakatha mwezi maso amakazolowera n'kusiya kukaona. Ndipo lizifika kwa munthu amene amalipiradi, kalaliki wa ku ofesi ya zachuma, osati kwa abwana okha amene munagwirana nawo chanza.

Pali funso limene eni mabizinesi amafunsa: nanga tsiku limene tidzasinthedi banki? Lidzafika, ndipo kalata ija yakumangani manja mwadala. Mudzayenera kulemba kalata yapapepala yosayinidwa ndi anthu amene kasitomala amawadziwa, kuipereka pamanja ngati n'kotheka, kumupempha kuti aimbe pa nambala yakale, ndi kusiya akaunti yakale yotsegula kwa miyezi ingapo kuti pasakhale woumirizidwa kulipira mwachangu. Pa malipiro oyamba, kasitomala atumize kandalama kochepa, inu mutsimikize pafoni kuti kafika, kenako zotsalazo.

Ngati ndalama zapita kale, maola oyamba ndi amene ali ndi phindu, chifukwa akuba amazigawa msanga m'maakaunti ena kapena kuzitapa. Wolipirayo aimbire banki yake kupempha kuti ilumikizane ndi banki yolandira kuti akauntiyo itsekedwe, ndipo akadandaule kupolisi tsiku lomwelo. Uthenga wabodzawo usafufutidwe, chifukwa m'kati mwake muli zizindikiro za kumene unadutsa zimene ofufuza amazifuna. Kampani nayo isabise nkhaniyi poopa manyazi. Wakuba amene wawerenga invoisi imodzi m'bokosi lanu wawerenganso zina zonse, choncho tengani mndandanda wa onse amene ali ndi ngongole yosalipira ndipo muwaimbire mmodzimmodzi, kuyambira amene tsiku lake lolipira lili pafupi.