Zithunzi ziwiri, kaundula mmodzi: kupeza kabokosi kalikonse komwe kasintha

M'magulu ambiri a banki m'khonde, m'makwaya ndi m'timashopu, kaundula wa ndalama anachoka m'kope n'kulowa mu Excel kapena Google Sheets. Koma mamembala fayiloyo saiona. Chimene amalandira ndi chithunzi: msungichuma amajambula zomwe zili pa sikirini n'kuponya pa WhatsApp, mwezi wamawa n'kuponyanso china. Ndiye tsiku lina wina amadzuka n'kunena kuti, "Ngongole yangayi sinali chonchi." Umboni womwe ulipo ndi zithunzi ziwiri basi, cha kale ndi cha tsopano.

Ntchito yofananitsa zithunzi zoterezi ndi yotheka, ndipo safunika katswiri. Koma amene amangoika mafoni awiri pafupi n'kumathamangitsa maso uku ndi uku amagwa m'mbuna ziwiri. Amanena kuti zasintha zambiri pomwe zangosuntha malo, kapena amanena kuti zonse zili bwino pomwe kwina kwabisika.

Tiyerekeze gulu lomwe kaundula wake ali ndi makolamu 6. Kolamu A ndi nambala ya membala, B ndi dzina, C ndi masheya, D ndi ngongole yonse pamodzi ndi chiwongoladzanja, E ndi zomwe wabweza, F ndi zotsala. Chithunzi choyamba n'cha pa 3 Malichi, chachiwiri n'cha pa 31 Malichi. Kabokosi kalikonse kali ndi dzina lake lopangidwa ndi chilembo cha kolamu ndi nambala ya mzere, monga D8.

Musanawerenge ndalama iliyonse, yambani mwayang'ana m'mphepete mwa chithunzi. Kumanzere kuli manambala a mizere, pamwamba pali zilembo za makolamu, pansi pali dzina la tsamba. Tsimikizani kuti tsamba ndi lomwelo, chifukwa fayilo imodzi imatha kukhala ndi masamba ofanana kwambiri. Kenako werengani manambala a mizere mmodzimmodzi, mokweza mawu ngati kungatheke. M'chithunzi cha pa 3 Malichi mamembala 12 ali pa mizere 2 mpaka 13, ndipo chiwonkhetso chili pa mzere 14. M'cha pa 31 Malichi chiwonkhetso chatsikira pa mzere 15. Ndiye kuti pena pake palowetsedwa mzere watsopano. Komanso manambala akudumpha: 8, 9, kenako 11. Mzere 10 ulipo m'fayilo koma wabisidwa. Mu Excel, manambala a mizere akaoneka abuluu ndiye kuti paikidwa Filter, ndipo mizere ina yasefedwa. Chithunzi chimene chadulidwa m'mphepete mpaka manambalawa osaoneka n'chosakwanira, ndipo ndi bwino kupempha china.

Mzere watsopano uja ndiwo umasokoneza anthu ambiri. Membala nambala 13 walowetsedwa pa mzere 6, pakati pa nambala 4 ndi nambala 5, ndipo aliyense wapansi pake watsika ndi mzere umodzi. Mukafananitsa D8 ya kale ndi D8 ya tsopano, mukufananitsa ngongole za anthu awiri osiyana, nambala 7 ndi nambala 6. Mupeza kuti pafupifupi timabokosi tonse kuyambira mzere 6 kutsika "tasintha", pomwe si zoona. Zomwezi zimachitika msungichuma akasanja mayina motsata alifabeti. Choncho musalondole dzina la kabokosi. Londolani chinthu chimene sichisintha pa munthuyo, chomwe pano ndi nambala ya membala. Dzina lokha silodalirika kwenikweni, poti gulu limodzi limatha kukhala ndi a Banda atatu.

Tsopano muyenera kutulutsa manambala m'zithunzimo. Pa kaundula wa mizere 13 njira yabwino ndi kulembanso pamanja. Tsegulani fayilo yatsopano, tsamba lina mulitche Kale, lina Tsopano. Lembani mamembala onse motsata manambala awo, 1 mpaka 13, pa masamba onse awiri, kuti munthu aliyense akhale pa mzere umodzimodzi uku ndi uku. Pa Kale, mzere wa nambala 13 ukhala wopanda kanthu kupatula mawu oti SANALIPO. Pa Tsopano, membala amene akusowa ndi nambala 8, mwini mzere 10 uja, ndipo pake mulembe WABISIKA. Kumapeto onjezani kolamu yolembamo mzere womwe munthuyo ali m'chithunzi chenicheni, kuti amene adzafune kutsimikiza asavutike. Ntchitoyi imakoma anthu akakhala awiri, wina kuwerenga, wina kulemba, kenako n'kusinthana.

Excel ya masiku ano ili ndi njira yotchedwa Data from Picture yomwe imawerenga chithunzi n'kudzaza timabokosi yokha. Pa kaundula wamtali imathandiza. Koma chithunzi chikakhala chosaoneka bwino imatha kusokoneza 3 ndi 8, 1 ndi 7, kapena koma ndi kadontho, ndipo WhatsApp imafinya zithunzi zotumizidwa mwachizolowezi. Pemphani kuti chitumizidwe ngati Document. Kaya mwalemba pamanja kaya makina awerenga, yesani ntchito yanu motere: wonkhetsani kolamu iliyonse pa tsamba la Kale, ndipo yankho lifanane ndi chiwonkhetso chomwe chili m'chithunzi. Likasiyana, yambani mwakayikira zala zanu musanakayikire msungichuma.

Pa tsamba lachitatu, m'kabokosi A2, lembani fomula iyi n'kuikokera kumanja mpaka F ndi pansi mpaka mzere womaliza:

```
=IF(Kale!A2=Tsopano!A2,"","ZASINTHA")
```

Paliponse pomwe masamba awiri aja akusiyana paoneka mawu akuti ZASINTHA, kwinako kukhala mbee. Fomulayi ili ndi zofooka ziwiri zofunika kuzidziwa. Mu Excel imaona kabokosi kopanda kanthu ndi kabokosi kolembedwa 0 ngati zofanana, komanso siisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Zimenezi muzione ndi maso. Amene alibe kompyuta atha kuchita zonsezi pa pepala la mizere, kutsika kolamu imodzi nthawi imodzi ataphimba zinazo ndi rula.

M'chitsanzo chathu zapezeka izi. Membala nambala 3, yemwe ali pa mzere 4 m'zithunzi zonse ziwiri, zobweza zake zachoka pa K20,000 kufika pa K35,000, ndipo zotsala zatsika kuchoka pa K40,000 kufika pa K25,000. Membala nambala 7, amene anali pa mzere 8 ndipo tsopano ali pa 9, ngongole yake yachoka pa K54,000 kufika pa K45,000, zotsala n'kutsika kuchoka pa K44,000 kufika pa K35,000. Membala watsopano uja ali ndi ngongole ya K30,000 ndipo sanabwezeko kalikonse.

Apa pakufunika kusiyanitsa timabokosi tomwe munthu wagwira ndi tomwe tangotsatira. Kolamu F imawerengedwa ndi fomula, ngongole kuchotsa zobweza, choncho ikasintha chifukwa E kapena D yasintha palibe chodabwitsa. Ilembeni pa mndandanda, koma musonyeze kuti ndi yotsatira. Zomwe dzanja lakhudza ndi E4, D9 ndi mzere 6. Chikanakhala chodetsa nkhawa n'chakuti F isinthe D ndi E zili chikhalire, chifukwa nthawi zambiri zikatero ndiye kuti wina wafafaniza fomula n'kulembapo nambala yakeyake.

Za nambala 3 n'zomveka: munthu wabweza K15,000. Za nambala 7 ndiye zofunsa, poti ngongole yomwe inatengedwa kale siyenera kuchepa m'kolamu D. Komabe onani manambalawo, 54 ndi 45. Olemba mabuku a ndalama amadziwa kuti manambala awiri oyandikana akasinthana malo, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala, monga K9,000 ili apayi. Mwina msungichuma analakwitsa poyamba ndiye wakonza, mwinanso walakwitsa tsopano. Chithunzi sichinganene. Chomwe chinganene ndi kope lomwe membalayo anasainira potenga ngongole.

Gawo lomwe ine ndimaliona kuti ndi lofunika kuposa onse ndi lotsiriza, ndipo ambiri amalidumpha. Muyenera kutsimikiza kuti mndandanda wanu wakwana. Chiwonkhetso cha zotsala pa 3 Malichi chinali K310,000. Chotsanipo K15,000 ya nambala 3 ndi K9,000 ya nambala 7, muwonjezepo K30,000 ya membala watsopano, mupeza K316,000. Koma chithunzi cha pa 31 Malichi chikuti K304,000. Pali K12,000 yomwe mndandanda wathu sunaifotokoze.

Fomula ya SUM imawerengera ndi mizere yobisika yomwe, choncho maso atembenukire kwa nambala 8. Pa 3 Malichi zotsala zake zinali K28,000. Chiwonkhetso chikanakhala kuti changomusiya kunja, mpata ukanakhala K28,000, osati K12,000. Yang'ananinso chiwonkhetso cha kolamu E: chakwera ndi K27,000, pomwe ife taona K15,000 yokha. K12,000 yotsalayo ikusonyeza kuti nambala 8 walembedwa kuti wabweza ndalamayo. Pa mndandanda mulembe moona mtima kuti E10 ndi F10 simunazione, mwangozipeza powerengera. Ndipo ngakhale ziwonkhetso zitagwirizana ndendende, musasiye kuyang'ana kabokosi kalikonse, chifukwa K5,000 ikachotsedwa kwa uyu n'kuikidwa kwa uyo, chiwonkhetso sichigwedezeka n'komwe.

Mndandanda womaliza ukhale wosavuta kuwerenga pamsonkhano. Pa kusintha kulikonse lembani nambala ya membala, mutu wa kolamu, dzina la kabokosi m'chithunzi chakale ndi m'chatsopano, nambala yakale, nambala yatsopano ndi kusiyana kwake. Mizere yowonjezedwa, yochotsedwa ndi yobisika ikhale payokha. Musalembemo mawu oti "kuba" kapena "chinyengo". Mndandandawu ntchito yake n'kunena chomwe chasintha, zifukwa akazifotokoze mwini kaundula pamaso pa gulu.

Pali zina zomwe chithunzi sichingaonetse ngakhale mutasamala bwanji. Chimaonetsa nambala monga ikuonekera, osati monga ilili mkati: 12,499.6 ndi 12,500.4 zonse zioneka 12,500 ngati kabokosi kakonzedwa kuti kasaonetse madesimo. Kolamu ikachepa, nambala imasanduka #### ndipo mawu aatali amadulidwa. Fomula sizioneka, kupatula ya kabokosi kamodzi komwe kanasankhidwa pojambula. Chomwe chinasinthidwa pa 10 n'kubwezeredwa pa 20 sichisiya phazi lililonse. Ndiponso chithunzi sichinena amene anasintha.

Mayankho a mafunso amenewa ali m'fayilo mwenimweni. Mu Google Sheets muli Version history, yomwe imasunga kaundula monga analili masiku osiyanasiyana pamodzi ndi dzina la amene anasintha, ndipo Excel ya Microsoft 365 ili ndi Show Changes pansi pa Review. Choncho mukapita kumsonkhano ndi mndandanda wanu, pemphani zinthu ziwiri: mzere 10 ubwezeretsedwe poyera, ndipo mamembala awiri kapena atatu apatsidwe mwayi wotsegula fayiloyo kuti aziiwerenga okha popanda kusinthamo kanthu.