Mpata umodzi, mayankho anayi: achonge liti mphunzitsi?

Pa mayeso a Chingerezi a Sitandade 7 pabwere funso ili: "The women went to the borehole to ______ water." Pepala la mayankho la mphunzitsi likuti "draw". Koma mwana wina walemba "fetch", wina "collect", winanso "get". Onsewa akunena za amayi opita kumjigo kukatunga madzi, ndipo Chingerezi chawo chilibe vuto. Kuwathetha chifukwa choti sanalote liwu lomwe linali m'mutu mwa wolemba funso ndi kuwalakwira.

Mayeso odzaza mipata m'ndime anatchuka ndi Wilson Taylor wa ku America mu 1953. Iye ankawerengera liwu lenilenilo lomwe lachotsedwa basi, koma cholinga chake chinali kuyeza ngati nkhani ndi yosavuta kuwerenga, osati kupereka malikisi kwa ana. Njira yakeyo imafulumira ndipo ochonga sakangana. Pa mayeso a m'kalasi a mafunso ochepa, pomwe malikisi awiri angagwetse mwana, ndi bwino kulola liwu lililonse lokhala bwino pampatapo.

Kulola sikutanthauza kuchonga chilichonse. Wolemba "fetching" kapena "drew" tanthauzo walimva, koma waphonya galamala, pakuti mneni wotsatira "to" ameneyu sasintha maonekedwe. Ameneyo athethedwe. Wolemba "wash" galamala wakhoza, koma palibe amachapa madzi. Wovuta ndi wolemba "drink". Amayi angapitedi kumjigo kukamwa madzi, ndiye ngati chiganizocho chili chokha, mwanayo wakhoza, ngakhale mphunzitsi akwinye nkhope. Koma ngati chili m'ndime yomwe ikupitiriza kuti anabwerako atasenza ndowa zodzadza, "drink" wagwa, chifukwa ndime yonse ndiyo imaweruza.

Chimene chimaononga kwambiri ndi kusintha maganizo pakati pa ntchito. Mphunzitsi amathetha "collect" pa mapepala oyambirira, kenaka ataliona kambirimbiri amayamba kulichonga. Mawa lake ana awiri okhala desiki imodzi amayerekeza mapepala, mlandu n'kubuka. Pofuna kupewa izi, musanagwire cholembera chofiira yambani mwadutsa m'mapepala angapo, mulembe pambali mayankho onse omwe akutuluka, ndipo mugamule olola ndi okana. Ngati mukuchonga awiri, gwirizanani kaye. Likatulukira lina labwino mochedwa, bwererani ku mapepala omwe mwachonga kale.

Nthawi zambiri gwero la mkangano ndi funso lenilenilo. Mipata yofuna mneni kapena dzina imalandira mawu ambiri, pomwe ya timawu ta galamala imapanikiza: mu "She has lived in Zomba ______ 2015" liwu lomwe aliyense akuyembekezera ndi "since". Wofuna "draw" yekha aike chilembo choyamba, "d______", ndi ndime yotsekereza "drink", kapena apereke mawu oti ana asankhepo, atatsimikiza kuti mwa mawuwo ndi limodzi lokha lomwe likulowa.