Pamene akufunsa kuti “tiuzeni nthawi imene ntchito inachedwa”

Pa mayeso a ntchito m’mabungwe achitukuko funso ili silisowa. Ofunsa safuna kumva kuti ndinu wolimbikira; akufuna nkhani imodzi yeniyeni, yofotokoza vuto, zimene munachita inuyo, ndi zotsatira zake.

Tinene kuti mijigo khumi inayenera kukumbidwa, koma itatu inaima chifukwa midzi iwiri inakanganirana malo. Fotokozani mmene munakhalira pansi ndi mafumu ndi komiti yachitukuko ya m’mudzi mpaka anthu atagwirizana. Kenaka nenani kuti mu lipoti la miyezi itatu munalemba mijigo isanu ndi iwiri, chifukwa chochedwera, ndi tsiku latsopano lomalizira, komanso kuti opereka ndalama munawadziwitsa lipotilo lisanafike.

Ambiri amagwa ponena “tinachita” mpaka kumapeto, ofunsa osaona mbali yawo.