Tikiti ya ku Marseille: momwe Afalansa amatchulira nthawi ndi madeti

Tiyerekeze kuti mwaima pa siteshoni ya Gare de Lyon mumzinda wa Paris, chikwama chili paphewa, ndipo mukufuna kukwera sitima yothamanga ya TGV yopita ku Marseille. Pa tikiti yanu palembedwa mzere uwu: *vendredi 1er août 2025, 16h40*. Mzerewo ndi waufupi, koma muli zonse zimene zimasokoneza munthu wophunzira Chifalansa pa nkhani ya nthawi. Muli dzina la tsiku, muli deti lokhala ndi timalemba tiwiri tachilendo, komanso muli ola limene wotchi yapakhoma kunyumba ilibe. Tiyeni tiumasule pang'onopang'ono, kuyambira kumapeto kwake.

Mfalansa akafuna kufunsa nthawi amati *Quelle heure est-il ?* ndipo yankho limayamba ndi *Il est*, kenako nambala, kenako mawu akuti *heure*, kutanthauza ola. Motero 3 koloko ndi *Il est trois heures*. Mawu akuti *heure* sasiyidwa, monga momwe ifenso sitikonda kusiya "koloko". Likakhala ola limodzi amati *une heure* osati *un heure*, chifukwa mayina a Chifalansa amagawidwa m'magulu awiri, achimuna ndi achikazi, ndipo *heure* lili m'gulu lachikazi. Kuyambira maola awiri kupita m'tsogolo amawonjezera *s* kumapeto polemba, koma *s* ameneyu samveka polankhula. Nayenso *h* wakumayambiriro samveka.

Chinthu chachikulu choti mugwire n'chakuti Afalansa ali ndi mawotchi awiri. Pali wotchi yakunyumba, imene imawerenga maola 12 n'kuyambiranso, ndiye pali wotchi ya pa tikiti, imene imawerenga maola 24 osabwerera m'mbuyo. Iliyonse ili ndi kalankhulidwe kake, ndipo sizisakanizidwa.

Wotchi yakunyumba ndi imene ili ndi mawu ambiri. Mphindi 15 zikadutsa amati *et quart*, mphindi 30 zikadutsa amati *et demie*. Choncho nthawi imene ife timati hafu pasiti 8 iwo amati *huit heures et demie*, ndiye kuti maola 8 ndi theka. Theka likadutsa, amasiya ola limene lapitalo n'kuyang'ana limene likubwera, n'kumachotsapo mphindi zimene zatsala. Mawu ochotsera ndi *moins*. Nthawi ikakhala 8:45 amati *neuf heures moins le quart*, ikakhala 8:50 amati *neuf heures moins dix*. Apa ndi pamene khutu la wophunzira limapusitsika. Limamva *neuf*, nambala 9, munthu n'kuganiza kuti 9 koloko yadutsa kale, chonsecho sinakwane. Mukamva *moins*, dziwani kuti ola limene latchulidwalo lidakali m'njira.

Pa wotchi yomweyi 12 koloko ili ndi mayina akeake. Ya masana ndi *midi*, ya pakati pa usiku ndi *minuit*, ndipo mayina awiriwa satsatidwa ndi *heures*. Amangoti *Il est midi*. Mayinawa ndi achimuna, n'chifukwa chake theka lake limalembedwa lopanda *e* kumapeto: *midi et demi*. Polankhula kusiyanako sikumveka, koma mphunzitsi wochonga mayeso amakuona. Pofuna kusiyanitsa mmawa ndi madzulo amawonjezera *du matin* kutanthauza mmawa, *de l'après-midi* kutanthauza masana dzuwa litapendeka, ndi *du soir* kutanthauza madzulo kapena usiku anthu asanagone. N'chimodzimodzi ndi mmene timanenera kuti 7 koloko mmawa kapena 7 koloko madzulo.

Tsopano tibwerere ku tikiti ija. Kampani ya sitima ya SNCF, mabwalo a ndege, zipatala, masukulu, wailesi ndi zikwangwani za pa zitseko za masitolo zimagwiritsa ntchito wotchi ya maola 24. Ndipo si ya m'maofesi mokha. Anthu wamba amaigwiritsanso ntchito popangana nthawi yokumana, moti mnzanu akhoza kukuuzani kuti chakudya chili pa *vingt heures*, kutanthauza 8 koloko madzulo. Kalembedwe kake n'koika *h* pakati pa ola ndi mphindi, ndipo *h* ameneyu akuimira *heures*. Powerenga mumatchula nambala yoyamba, kenako *heures*, kenako nambala yachiwiri, basi. Motero *16h40* ndi *seize heures quarante*. Kuti mudziwe nthawi yake pa wotchi yakunyumba, chotsani 12 pa ola lililonse loposa 12. Tikachotsa 12 pa 16 patsala 4, ndiye kuti sitimayo inyamuka 4:40 masana.

Wotchi imeneyi ndi yosavuta chifukwa ilibe zokometsera. Mulibe *et quart*, mulibe *et demie*, mulibe *moins*, mulibenso *du soir*, popeza nambalayo yanena kale kuti ndi madzulo. Nthawi ya *16h30* ndi *seize heures trente*, ndipo *16h45* ndi *seize heures quarante-cinq*. Mumsewu mukhoza kumva wina akusakaniza, koma pa mayeso kapena pa ntchito ya mu ofesi kusakanizako kumatengedwa ngati kulakwitsa. Nthawi ya pa tikiti yathu ija, munthu amene akucheza kunyumba akhoza kuinena kuti *cinq heures moins vingt*, maola 5 kuchotsapo mphindi 20. Nthawi ndi imodzi yomweyo, koma wina watchula 16 pamene wina watchula 5, ndipo palibe amene watchula 4 amene ali m'mutu mwanu. Musaiwalenso kuti *une* uja amabweranso pa 21: 9 koloko usiku ndi *vingt et une heures*.

Pa pepala zonsezi n'zosavuta. Vuto limabwera mawu akamatuluka pa chimkuzamawu cha pa siteshoni. Popeza *h* samveka, lemba lomaliza la nambala limalumphira pa *heures* n'kukhala ngati mawu amodzi, ndipo nthawi zina limasintha kamvekedwe. Mu *deux heures*, *six heures* ndi *dix heures*, *x* amamveka ngati *z*. Mu *neuf heures*, *f* amamveka ngati *v*. Zotsatira zake n'zakuti maola ena otalikirana amamveka ngati mapasa. *Six heures* amayamba ndi "siz", pamene *seize heures* amayamba ndi "sez". Kusiyana kwake kuli ngati kwa *i* ndi *e* wa Chichewa, koma woyambayo ndi 6 koloko mmawa ndipo wachiwiriyo ndi 4 koloko masana. Amene wamva molakwika adzafika pa siteshoni maola 10 sitima isananyamuke, kapena, ngati anaganiza za 6 koloko madzulo, adzapeza itapita kalekale. Mapasa ena ndi *deux heures* ndi *douze heures*: mu *douze* mumamveka *u* wathu weniweni, pamene mu *deux* mumamveka *e* wotchulidwa milomo itasongoka. Mukakayika, funsani potchula nthawiyo pa wotchi inayo. Wina akati *seize heures*, inu nenani kuti *Quatre heures de l'après-midi ?* Akavomera, ndiye kuti mwamva bwino.

Tatsala ndi chigawo choyamba cha mzere uja, *vendredi 1er août 2025*. Dongosolo lake ndi lomwe tinazolowera: dzina la tsiku, deti, mwezi, kenako chaka. *Vendredi* ndi Lachisanu, *août* ndi Ogasiti, ndipo m'manambala okhaokha amalemba 01/08/2025. Mayina a masiku ndi a miyezi sayamba ndi chilembo chachikulu m'Chifalansa pokhapokha akhale kumayambiriro kwa chiganizo. Chaka chimawerengedwa ngati nambala yathunthu, osachidula pakati: 2025 ndi *deux mille vingt-cinq*.

Nanga timalemba tiwiri tija, *er*? Timeneti ndi mchira wa mawu akuti *premier*, kutanthauza choyamba. M'Chifalansa tsiku loyamba la mwezi ndi lokhalo limene limatchulidwa ndi mawu osonyeza malo pa mzere. Amati *le premier août*, osati *le un août*. Masiku ena onse, kuyambira pa 2 mpaka pa 31, amatchulidwa ndi nambala wamba yowerengera: *le deux août*, *le trois août*, *le trente et un août*. Amene anayamba waphunzira Chingerezi amakopeka kunena *le deuxième août*, ndipo pamenepo Mfalansa amadziwiratu kuti uyu ndi mlendo. Zindikiraninso kuti pa 21 ndi pa 31 *premier* sabweranso, ndipo apa nambala ndi *un*, osati *une* wa maola uja: *le vingt et un juin*.

Tsiku loyambali mudzalimva kawirikawiri chifukwa pa kalendala ya ku France masiku angapo a tchuthi amagwera pa 1. *Le premier janvier* ndi chaka chatsopano. *Le premier mai* ndi tsiku la anthu apantchito, pamene anthu amapatsana timaluwa toyera totchedwa *muguet*. *Le premier novembre* ndi tsiku la oyera mtima onse, *la Toussaint*, pamene mabanja amakaika maluwa kumanda. Kuno ku Africa, maiko a Rwanda ndi Burundi analandira ufulu wodzilamulira pa 1 Julayi 1962, *le premier juillet*, pamene Congo ya ku Kinshasa inalandira wake pa 30 Juni 1960, *le trente juin*. Madeti awiriwa akuonetsa lamulo lonse: loyambalo latenga *premier*, linalo latenga nambala wamba.

Deti limatsogoleredwa ndi kamawu kakuti *le*, ndipo kameneka kamagwira ntchito ya "pa" wathu. Pamene ife timati pa 14 Julayi, tsiku limene ndende ya Bastille inagwa mu 1789, iwo amati *le quatorze juillet*, osawonjezera mawu ena kutsogolo. Pa 8 ndi pa 11 *le* sadulidwa. Amati *le huit mai* ndi *le onze novembre*, masiku okumbukira kutha kwa nkhondo ku Ulaya mu 1945 ndi mu 1918. Koma samalani ndi *le* akakhala pa dzina la tsiku popanda deti. *Vendredi* yekha ndi Lachisanu likubwerali kapena lapitali, pamene *le vendredi* ndi Lachisanu lililonse. Sitolo ikalemba kuti *fermé le lundi*, ndiye kuti imatseka Lolemba lililonse.

Pali msampha wina umodzi umene ungakusowetseni sitima yobwerera. Afalansa akati *huit jours*, masiku 8, amatanthauza sabata imodzi, ndipo akati *quinze jours*, masiku 15, amatanthauza masabata awiri, chifukwa amawerengera limodzi tsiku loyambira ndi lomalizira. Ngati mwanyamuka Lachisanu pa 1 Ogasiti n'kuuza wogulitsa matikiti kuti mubwerera *dans quinze jours*, iye adzakupatsani tikiti ya Lachisanu pa 15 Ogasiti, osati ya Loweruka pa 16.

Tsopano werengani mzere uja mokweza: *vendredi premier août deux mille vingt-cinq, seize heures quarante*. Mvetserani bwino *e* wa mu *seize*, ndipo mufike msanga, chifukwa pa TGV amasiya kukweza anthu kutatsala mphindi 2 kuti sitima inyamuke. Kwa inu, ndiye kuti nthawi yeniyeni ndi *seize heures trente-huit*.